Ndiike padera ndalama zingati pa ngongole zomwe sizidzabwera?

Funso: Ndimayendetsa kabungwe kobwereketsa ndalama pa Ngabu. Panopa K28 miliyoni ili m'manja mwa anthu: K18 miliyoni kwa a geni, K10 miliyoni kwa alimi a thonje. Akauntanti wathu akuti tisanagawane phindu tiwerengere ngongole zomwe zingatayike, ndipo watilembera zilembo izi: PD, LGD ndi EAD. Anthu anga ambiri akubweza bwinobwino, ndipo aliyense anapereka chikole. Nanga ndiwerengerenji kuluza komwe sikunachitike? Ngati n'kofunikadi, ndiyambire pati?

Yankho: Mayi, akauntanti wanuyo wakuuzani zoona, ndipo chonde musagawane kaye phindulo. Pa anthu onse amene ali ndi ndalama zanu lero, ena sadzamaliza kubweza. Mayina awo simukuwadziwa, mwinanso eni akewo sakudziwa, koma kuchuluka kwawo mungathe kukuyerekeza bwino ndithu kuchokera m'mabuku anu omwe. Kuluza kumeneko kunalowa m'bungwe lanu tsiku lomwe munapereka ngongolezo, kwangotsala kuonekera. Mukagawana phindu musanakuchotsere, ndiye kuti gawo lina la zomwe mwagawanazo ndi mpamba.

Masamu ake ndi ochulukitsa zinthu zitatu:

```
ECL = PD × LGD × EAD
```

PD ndi mpata woti wobwereka alephere kubweza. EAD ndi ndalama zanu zomwe zili kwa iye pa nthawi yomwe walepherayo. LGD ndi gawo la ndalamazo lomwe silidzabwereranso ngakhale mutayesetsa kulondola ndi kugulitsa chikole. Mukazichulukitsa mumapeza ECL, ndalama zomwe mukuyenera kuyembekezera kuti zitayika. Kuchulukitsako sikuvuta, mwana wa fomu wanu angakuchitireni. Ntchito yeniyeni ili pa kupeza manambala atatuwo mosadzinamiza, ndipo kuno kuchigwa kuli chinthu china choonjezera chomwe ndichisungira kumapeto, nkhani ya madzi. Popeza mabuku anu sindinawaone, kupatula K18 miliyoni ndi K10 miliyoni zomwe mwatchula, manambala ena onse ndi ongoyerekeza. Inu muikemo anu.

Musanawerengere kanthu, gwirizanani kaye kuti munthu "walephera" akatani. Mabanki ambiri amati ndi pamene wadutsa masiku 90 asanalipire zomwe anayenera kulipira, ndipo muyezo wa kalembedwe ka mabuku wotchedwa IFRS 9, womwe unayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2018, umatenga masiku 90 omwewo ngati malire, pokhapokha mutakhala ndi chifukwa chomveka chosankhira ena. Ngati a geni anu amabweza sabata iliyonse, masiku 90 ndi ambiri, ndipo mungasankhe 60. Chachikulu n'chakuti mulembe tanthauzolo ndi kulitsatira chaka ndi chaka. Muonjezeponso kuti munthu amene wasamuka osatsanzika, kapena amene geni yake yatha ndipo zikuonekeratu kuti sabweza, walephera ngakhale masikuwo asanakwane.

Tiyambe ndi PD ya a geni. Tsegulani buku, mutenge ngongole zonse zomwe munapereka m'nyengo imodzi yomwe inatha kale, mwachitsanzo kuyambira Januwale mpaka Juni chaka chatha, zoti nthawi yake yobwezera inakwana. Tinene kuti zinalipo 200. Zilondoleni imodziimodzi mpaka kumapeto kwake, muone kuti ndi zingati zinafika pa malire aja. Ngati ndi 16, PD yanu ndi 16 kugawa ndi 200, kutanthauza 8 peresenti.

Apa ndi pamene mabungwe omwe akukula msanga amadzinamiza. Amatenga olephera 16 aja n'kuwagawa ndi ngongole zonse zomwe zili kunja lero. Ngati bungwe lakula n'kufika pa ngongole 400, amapeza 4 peresenti, n'kumakondwa kuti zinthu zikuyenda. Koma theka la ngongole 400 zija zaperekedwa posachedwa, sizinakhale ndi nthawi yoti zionongeke. Munthu amene mwamubwereketsa sabata yatha sangakhale atachedwa masiku 90. Choncho olephera muziwagawa ndi anzawo omwe anabwereka nawo nyengo imodzi.

Chinanso chobisa PD ndi kukonzanso ngongole. Mayi wogulitsa usipa pa Nchalo wachedwa miyezi iwiri, wabwera kudzadandaula, inu mwamumvera chisoni n'kumulembera ngongole yatsopano yoti itseke yakaleyo. M'buku yakaleyo ikuoneka kuti inabwezedwa yonse, koma ndalama yomwe inatsekayo ndi yanu yomwe. Sindikuti musamathandize anthu motere, nthawi zina ndi njira yokhayo yoti munthu adzukenso. Koma ngongole yotere muziiika chizindikiro, ndipo powerengera PD muziitenga ngati yomwe inavuta. Njira yodziwira kuti vutoli lakula ndi yosavuta: yerekezani zomwe buku likuti zabwezedwa mwezi uno ndi ndalama zenizeni zomwe zalowa m'bokosi, kubanki ndi pafoni. Zikasiyana kwambiri, ngongole zikubwezedwa ndi ngongole zinzake.

EAD siivuta kwambiri. Tengani ngongole imodzi ya geni ya K300,000, yobweza miyezi isanu ndi umodzi, mpamba K50,000 pamwezi, chiwongola dzanja 5 peresenti pamwezi pa ndalama zotsala. Wobwereka walipira kawiri n'kusiya. Mpamba wotsala ndi K200,000. Podzafika masiku 90, chiwongola dzanja cha miyezi itatu chomwe sanalipire chakwana K30,000. EAD yake ndi K230,000, osati K300,000 yomwe anatenga poyamba. Chiwongola dzanja cha miyezi yomwe isanafike musachiphatikize, chifukwa simunachipeze.

Powerengera buku lonse, tsatirani lamulo ili: tengani mpamba womwe uli kunja lero, onjezani chiwongola dzanja chomwe chakwana kale koma sichinalipidwe, kenako onjezani ndalama zomwe munalonjeza koma simunapereke. Chomalizachi anthu amachiiwala. Ngati alimi anu munawapatsa za mbewu ndi zolimira mu Novembala, n'kuwalonjeza za mankhwala opopera thonje mu Januwale, ndalama ya Januwaleyo ndi yotuluka ndithu, chifukwa simungamusiye mlimi mbozi zitalowa m'munda pomwe ndalama zanu zoyamba zili momwemo. Tinene kuti lonjezo lotere likukwana K2 miliyoni. Ndiye kuti EAD ya alimi ndi K12 miliyoni, osati K10 miliyoni.

Tsopano LGD, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa mwanena kuti aliyense anapereka chikole, ndipo ndikuona kuti mtima wanu wakhazikika pamenepo. Tibwerere kwa wobwereka wa K230,000 uja. Pomubwereketsa anasungitsa K30,000 kwa inu, anaikapo mbuzi ziwiri zomwe munaziyerekeza K140,000, ndipo mlamu wake anasaina kuti adzathandiza zikavuta. Papepala zikuoneka ngati simungaluze kwenikweni. Koma onani momwe zimayendera.

K30,000 yosungitsayo mumaitenga tsiku lomwelo, ilibe vuto. Mbuzi ndi nkhani ina. Pamapita maulendo a kabaza, kukambirana, mwina kukadutsira kwa amfumu, ndipo pofika tsiku loti mbuzizo zipite kumsika papita miyezi isanu ndi umodzi. Ogula pamsika wa ziweto amadziwa wogulitsa amene akufulumira, ndipo mbuzizo zaonda ndi chilimwe. Zonse ziwiri zagulidwa K100,000. Chotsanipo za maulendo, zonyamulira ndi zamsika, tinene K25,000, patsala K75,000. Mlamu uja, atakumbutsidwa kambirimbiri, wapereka K40,000 patatha chaka, ndipo zaonekeratu kuti zathera pomwepo.

Ndalama yobwera mochedwa siilingana ndi ndalama ya lero. K75,000 ikanakhala m'manja mwanu pa nthawi yake, mukanaibwereketsa kwa wina n'kumapindula 5 peresenti mwezi uliwonse. Choncho timaibweza mmbuyo pogwiritsa ntchito chiwongola dzanja cha ngongole yomweyo. Pa kompyuta kapena pafoni mungalembe motere:

```
=75000/1.05^6
=40000/1.05^12
```

Yoyamba ikupereka pafupifupi K56,000, yachiwiri pafupifupi K22,000. Kuphatikiza ndi K30,000 ija, mwapulumutsa K108,000 pa K230,000. Zotayika ndi K122,000, ndipo LGD ya ngongoleyi ndi 53 peresenti. Mukanawerengera mongophatikiza K30,000, K140,000 ndi K40,000, mukanati mwangoluza K20,000, yosakwana n'komwe 9 peresenti. Kusiyana konseko kwachokera pa zinthu zitatu: mtengo womwe munalemba si womwe msika unapereka, kulondola kuli ndi mtengo wake, ndipo nthawi yadya gawo lina. Amene anali kudikira ndalama zake pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 safunika kumufotokozera za nthawi.

Ndikumbutse pang'ono: ngati chiwongola dzanja chanu mumachiwerengera pa ndalama yonse yoyamba mwezi uliwonse, osati pa zotsala, 5 peresenti ya miyezi isanu ndi umodzi imakhala pafupifupi 8 peresenti yeniyeni pamwezi, ndipo imeneyo ndiyo muyenera kuika m'masamu obweza mmbuyowa.

Chitani chimodzimodzi pa ngongole zonse 16 zija. Ena anadzabweza zonse mochedwa, ena sanabweze ngakhale tambala, ndipo pena mbuzi munakapeza zitafa kapena zitagulitsidwa kale kukalipira kuchipatala. Phatikizani zonse zotayika, mugawe ndi EAD ya onse 16. Musasiye kunja ngongole zomwe munazifufuta m'buku, chifukwa zimenezo ndi zomwe zikuuzeni zoona. Tinene kuti mwapeza 50 peresenti.

Tsopano tingachulukitse, koma K18 miliyoni ya a geni tisaitenge ngati mulu umodzi. Munthu amene akulipira pa nthawi yake ndi munthu amene wachedwa kale mwezi wathunthu sali pa ngozi yofanana. IFRS 9 imagawa ngongole m'magulu atatu: zomwe zikuyenda bwino, zomwe ngozi yake yakwera kwambiri kuyambira tsiku lomwe zinaperekedwa, ndi zomwe zaonongeka kale. Kuchedwa masiku opitirira 30 kumatengedwa ngati chizindikiro cholowera gulu lachiwiri. Kwa mabanki obwereketsa zaka zambiri pali kusiyana kwakukulu, chifukwa gulu loyamba amaliwerengera miyezi 12 yokha pomwe lachiwiri amaliwerengera moyo wonse wa ngongoleyo. Inu ngongole zanu sizikwana chaka, ndiye mutu umenewo usakupwetekeni. Chomwe chikusintha kwa inu ndi PD basi.

PD ya ochedwa muipeza m'buku lomwe lija. Pa ngongole 200 zija, werengani zomwe zinachedwapo masiku opitirira 30. Ngati zinali 40, ndipo 16 mwa izo zinafika polephereratu, ndiye kuti munthu akangodutsa masiku 30, mpata woti alephere ndi 40 peresenti. Amene wadutsa kale masiku 90, PD yake ndi 100 peresenti, palibenso zoyerekeza.

Tinene kuti pa K18 miliyoni ija, K15 miliyoni ikuyenda bwino, K2 miliyoni yachedwa kupitirira masiku 30, ndipo K1 miliyoni yadutsa masiku 90:

```
15,000,000 × 0.08 × 0.50 = 600,000
 2,000,000 × 0.40 × 0.50 = 400,000
 1,000,000 × 1.00 × 0.50 = 500,000
```

Zonse pamodzi ndi K1.5 miliyoni. Kuika 8 peresenti pa omwe akuyenda bwino kukukweza nambalayo pang'ono, popeza ena mwa iwo atsala pang'ono kumaliza, koma kwa bungwe laling'ono ndi bwino kulakwira mbali imeneyo. Onaninso kuti K3 miliyoni yokha ya ochedwa ikubweretsa K900,000 pa K1.5 miliyoni yonseyo. Izi zikukuuzani komwe wolondola ngongole wanu ayenera kupita mawa mmawa: kwa omwe ali pakati pa masiku 30 ndi 90, chifukwa pamenepo anthu asanu ndi mmodzi pa khumi alionse amabwerera mumzere, ndipo ulendo wa kabaza umapulumutsa zambiri kuposa ulendo wokatenga mbuzi.

Alimi a thonje ndi osiyana, ndipo ndi amene amandidetsa nkhawa pa buku ngati lanu. Mlimi amatenga ndalama mvula ikamayamba n'kudzabweza kamodzi akagulitsa thonje. Kwa miyezi isanu ndi iwiri buku silionetsa kuchedwa kulikonse, chifukwa palibe chomwe wayenera kulipira. Munda utha kukokoloka mu Januwale, buku n'kumanenabe kuti ngongoleyo ili bwino mpaka Juni. Ndiye kwa alimi, kuwerenga masiku sikukwanira. Chizindikiro chili kumunda: kodi anadzaladi? Mbewu inamera? Anapopera? Madzi analowa? Wolondola ngongole akapeza munda uli mchenga wokhawokha mu Febuluwale, ngongoleyo isunthireni m'gulu lachiwiri tsiku lomwelo, ngakhale tsiku lobweza lili kutali.

Ndiyeno pali nkhani yomwe ndinati ndiisungira kumapeto. Masamu a PD amayenda bwino pamene anthu akulephera aliyense pa chifukwa chake: uyu wadwala, uyu waberedwa, uyu anadya mpamba. Zikatero chiwerengero cha olephera sichisintha kwambiri chaka ndi chaka. Koma kuchigwa kuno alimi amalephera pamodzi. Inu mukukumbukira madzi a mu Januwale 2015, mvula ya Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 yomwe inaononga damu la Kapichira n'kudula msewu wa M1, ndi Freddy mu Malichi 2023. Onjezanipo ng'amba ya 2016 ndi ya 2024. Shire, Ruo kapena Mwanza akasefukira safunsa kuti wokhulupirika ndani.

Ndipo choopsa n'chakuti madzi omwe akokolola munda ndi omwenso atenga mbuzi, njinga ndi mbaula zomwe zinali chikole. Mlamu amene anasaina amakhala mudzi womwewo, naye ali kumsasa. Ziweto zomwe zapulumuka, aliyense akuzigulitsa nthawi imodzi kuti agule chimanga, mtengo n'kugwa. Ngakhale popanda madzi, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka boma limatseka misika ya ziweto, chikole n'kukhala chosagulitsika kwa miyezi. Mwachidule, chaka chomwe PD yakwera ndi chomwenso LGD yakwera. Kutenga PD ya pakatikati n'kuichulukitsa ndi LGD ya pakatikati kumabisa zimenezi.

Njira yake ndi kuwerengera chaka chabwino ndi chaka choipa padera. Tinene kuti m'chaka chabwino, buku lanu likuonetsa kuti alimi 10 pa 100 amalephera, ndipo mumataya 40 peresenti ya zomwe zili kwa iwo. M'chaka cha madzi kapena ng'amba, tinene kuti theka limalephera ndipo mumataya 80 peresenti.

```
12,000,000 × 0.10 × 0.40 =   480,000
12,000,000 × 0.50 × 0.80 = 4,800,000
```

Kenako dzifunseni kuti chaka choipa chimabwera kangati kwa alimi anuwo. Zaka ndatchulazi sizinamenye malo onse mofanana. Wolima kumphala sakumana ndi zomwe amakumana nazo wa kudimba, ndipo wa ku Makhanga, pafupi ndi pomwe Ruo amakumana ndi Shire, ali pa ngozi ya madzi yoposa ya mnzake wa kumtunda. Yang'anani mndandanda wa midzi yomwe alimi anu akuchokera, mufunse akuluakulu a m'midzimo kuti pa zaka khumi zapitazi zokolola zinapita kangati. Tinene kuti mwapeza chaka chimodzi pa zinayi zilizonse. Ndiye chaka chabwino chipatseni magawo atatu, choipa gawo limodzi:

```
0.75 × 480,000 + 0.25 × 4,800,000 = 1,560,000
```

ECL ya alimi ndi K1.56 miliyoni. Mukanatenga zapakatikati, PD ikanakhala 20 peresenti, LGD 50 peresenti, n'kupeza K1.2 miliyoni, mutaphonya K360,000. Ndipo mukanangodalira buku la zaka ziwiri zabwino zotsatizana, mukanaika K480,000 yokha, yosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe zikufunika. Ichi ndi chifukwa chake muyenera kufukula mabuku a 2022 ndi 2023 ngati bungwe lanu linalipo kale, ngakhale kuwawerenga kumapweteka mtima. Ngati munayamba pambuyo pake, funsani anzanu obwereketsa omwe anadutsamo, musaganize kuti chaka choipa kulibe chifukwa buku lanu silinachione.

Gawo limodzi pa anayi lija silokhazikika. Nthambi yoona za nyengo imalengeza momwe mvula ikuyembekezeka kugwera dzinja lisanayambe. Akanena kuti kuli ngozi ya ng'amba kapena mvula yoposa muyezo kuchigwa, kwezani gawo la chaka choipa, mulembe chifukwa chake ndi tsiku, kuti akauntanti aone kuti simunangolota. A geni nawonso muwawerengere zaka ziwiri chimodzimodzi, chifukwa msewu ukaduka katundu safika, ndipo makasitomala awo ndi alimi omwewo.

Pali chinthu chimodzi chokomera inu chomwe anthu akutali sachidziwa. Madzi akaphwa amasiya chinyontho ndi nthaka yachonde kudimba, ndipo anthu amadzala chimanga, nyemba ndi mbatata n'kukolola m'chilimwe. Mlimi amene walephera mu Juni atha kubwera ndi ndalama mu Okutobala. Ameneyo m'masamu ndi wolephera ndithu, koma LGD yake ndi yochepa, mwangotaya za nthawi. Choncho polemba alimi, lembaninso ngati ali ndi dimba. Patapita nyengo zingapo mudzatha kuona ngati a dimba akubweza mochedwa koma mokwanira, ndipo zikatero muwawerengere m'gulu laolao. Zimenezi zimathandizanso kuti musathamangire kulanda mbuzi ya munthu amene akanakulipirani pakatha miyezi inayi. Kulanda kotero kumakutayitsani ndalama, kumamusiya iye wopanda poyambira, ndipo mudzi wonse umakumbukira.

Tikaphatikiza, K1.5 miliyoni ya a geni ndi K1.56 miliyoni ya alimi zikukwana K3.06 miliyoni, pafupifupi 10 peresenti ya K30 miliyoni yomwe ili pa ngozi. Ndalamayi sikuti mukaitsekera m'bokosi lapadera. Imalembedwa m'buku ngati chowonongedwa, n'kuchepetsa phindu la chakacho ndi mtengo wa ngongole zomwe mukuti muli nazo kunja. Ngati phindu linali K5 miliyoni ndipo simunaikepo kanthu padera m'mbuyomu, lenileni ndi K1.94 miliyoni. Chaka chamawa simuchotsanso yonse, mumangoonjezera kapena kuchepetsa kuti ifanane ndi masamu atsopano. Komanso kuika padera sikukhululukira munthu ngongole. Mumalondolabe, ndipo zikabwera zoposa zomwe munayembekezera zimabwerera ku phindu. Mamembala ena adzadandaula kuti gawo lawo lachepa. Aonetseni masamu a mbuzi aja, amamveka msanga kuposa zilembo.

Nambalayi ikuthandizaninso pa mtengo wa ngongole. K1.56 miliyoni pa K12 miliyoni ndi 13 peresenti pa nyengo imodzi, kutanthauza kuti pa 5 peresenti yomwe mumalipiritsa pamwezi, pafupifupi 2 ikungotseka zotayika, musanalipire antchito, lendi ndi omwe anakubwereketsani inuyo. Koma musafulumire kukweza chiwongola dzanja. Chikakwera kwambiri, alimi osamala amasiya kubwera, otsala amakhala omwe asowa kolowera, ndipo PD imakwera. Nthawi zambiri kuchepetsa EAD kumathandiza kuposa: kupereka ndalama m'zigawo mutaona munda, ndi kuika malire a ndalama zomwe zingapite dera limodzi.

Malire amenewo ndi ofunika chifukwa K1.56 miliyoni simudzaitaya chaka chilichonse. Mudzataya pafupifupi K480,000 zaka zambiri, kenako K4.8 miliyoni kamodzi. ECL ndi ya pakatikati, siikuuzani ngati mudzapulumuka chaka choipacho. Funso limenelo limayankhidwa ndi mpamba wanuwanu. Chotsani K1.56 miliyoni yomwe mwaika padera pa K4.8 miliyoni, patsala K3.24 miliyoni. Kodi bungwe lili ndi mpamba wake, osati wobwereka kapena wosungitsa anthu, woti ungamwe K3.24 miliyoni n'kutsegulabe ofesi mwezi wotsatira? Ngati yankho ndi ayi, K12 miliyoni kwa alimi a dera limodzi yachuluka, kaya masamu ena akuoneka bwino bwanji. Muichepetse, kapena muimwaze pakati pa a kumphala ndi a kudimba, a tsidya lino ndi a tsidya lija la Shire.

Manambala anu muziwayesa chaka chilichonse. Sungani pepala la masamu a chaka chino, ndipo ngongole zomwezi zikatha, yerekezani zomwe munati zitayika ndi zomwe zatayikadi, gulu ndi gulu. Ngati kwa a geni zenizeni zikuposa zoyembekezera nyengo ziwiri kapena zitatu zotsatizana popanda madzi kapena ng'amba, fufuzani PD poyamba, makamaka ngongole zokonzedwanso zija. Ngati olephera akukwana monga munayerekezera koma ndalama zotayika zikuchuluka, vuto lili pa LGD, ndipo kawirikawiri ndi mtengo wa chikole womwe unakwezedwa polemba. Samalaninso ndi magulu ang'onoang'ono. Pa ngongole 30, munthu mmodzi yekha amasuntha PD ndi 3 peresenti, ndiye musagawe buku m'timagulu tambirimbiri, ndipo ngati ngongole ndi zochepa phatikizani nyengo zingapo.

Ngati bungwe lanu lili ndi chiphaso kapena linalembetsedwa pansi pa lamulo la mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono la 2010, limayang'aniridwa ndi banki yaikulu ya dziko lino, yomwe ili ndi malamulo ake a kagawidwe ka ngongole zochedwa ndi ndalama zoika padera. Muuzeni akauntanti awerengere njira zonse ziwiri, ya banki yaikulu ndi iyi, akuonetseni manambala onse awiri patsamba limodzi, ndipo pogawana phindu mutsatire yomwe yakula.